Kiyibodi ndi mausi zimene sizipinda dzanja: kuyerekeza kwa amene amatayipa tsiku lonse

Mu mzinda wa Zomba muli anthu ambiri amene amapeza chakudya chawo potayipa. Alipo alembi a m'maofesi a boma, olowetsa manambala ku ofesi ya kalembera, ogwira ntchito ku bungwe la mayeso la MANEB, ophunzira a ku Yunivesite ya Malawi amene amalemba kafukufuku wawo, komanso amayi ndi abambo a m'timashopu totayipira makalata ku Chinamwali, ku Matawale ndi kufupi ndi msika waukulu. Ambiri a iwo akayamba kumva kuwawa pamfundo ya dzanja, pamene dzanja limalumikizana ndi mkono, amafunsa kuti kiyibodi kapena mausi yabwino koposa ndi iti. Ine ndatayipa kwa zaka zambiri ndipo ndagwiritsapo ntchito mitundu ingapo ya zipangizozi. Chimene ndaphunzira n'chakuti munthu asanafunse za chipangizo ayenera kudziwa kaye mbali imene dzanja lake likupindikira, chifukwa zipangizo zambiri zinapangidwa kuti ziwongole kupindika kumodzi kapena kuwiri, ndipo amene wagula chowongola kupindika kumene iye alibe amakhala atataya ndalama zake.

Dzanja la munthu wotayipa limapindika m'njira zitatu. Yoyamba ndi kupindikira cham'mbali, kumbali ya chala chaching'ono. Pa kiyibodi wamba, zala za mkombaphala zimakhala pa mabatani a F ndi J, ndipo mabatani awiriwa atalikirana ndi masentimita osakwana 6, pamene mapewa a munthu wamkulu amatalikirana ndi masentimita pafupifupi 36 mpaka 40. Motero mikono imachokera kutali kulowera pakati, ndipo kuti zala zigone bwino pamzere wa mabatani, manja amayenera kukhotera kunja pamfundo paja. Njira yachiwiri ndi kupindikira m'mwamba, monga mmene munthu amachitira akamaimitsa minibasi, ndipo zimenezi zimachitika tebulo likatalika kwambiri kapena kumbuyo kwa kiyibodi kukakwezedwa. Yachitatu ndi kufulatitsa chikhatho pansi kotheratu. Kuchokera pachigongono kufika padzanja muli mafupa awiri amene amagona moyandikana pamene mukupereka moni, koma amapingasana mukatembenuza chikhatho kuti chiyang'ane pansi, ndipo minofu imagwira ntchito nthawi yonse imene mkono uli chotembenuka chotero.

Chimene chimachititsa kuti kupindika kumeneku kukhale koopsa ndi kampata kopapatiza kamene kali m'kati mwa mfundo ya dzanja, kumbali ya chikhatho. M'kampata kameneka mumadutsa minyewa isanu ndi inayi yokoka zala, pamodzi ndi mtsempha umodzi umene umachititsa kuti chala chachikulu, cha mkombaphala, chapakati ndi theka la chala chachinayi zizimva kukhudza. Dzanja likawongoka, zonsezi zimayenda momasuka, koma likapindika kampatako kamapanikizika, ndipo minyewa imakhuzana ndi m'mbali mwake nthawi iliyonse imene chala chatsika pa batani. Munthu wotayipa maola asanu ndi limodzi amachita zimenezi kambirimbiri patsiku.

Kuti mudziwe kupindika kwanu, pemphani mnzanu akujambuleni ndi foni pamene mukutayipa osadzikonza, chithunzi chimodzi kuchokera pamwamba ndi china kuchokera m'mbali. Pachithunzi cha pamwamba, yang'anani ngati mzere wochokera pachigongono ukudutsa molunjika mpaka pachala chapakati. Ukakhota pamfundo ya dzanja, muli ndi kupindika koyamba. Pachithunzi cha m'mbali, ngati khungu la pamwamba pa mfundoyo lachita makwinya, dzanja lanu lapindikira m'mwamba.

Njira yoyamba yoyerekeza siifuna ndalama konse, ndipo ndi kiyibodi yowongoka imene muli nayo kale itaikidwa bwino. Makiyibodi ambiri ali ndi timiyendo tiwiri kumbuyo, ndipo pafupifupi mu ofesi iliyonse imene ndalowamo ndapeza timiyendoti titatambasulidwa. Timathandiza munthu kuona zilembo, koma timapindira dzanja m'mwamba, choncho tipindeni kuti kiyibodi igone chafufumimba. Kenako onani kutalika kwa tebulo. Matebulo ambiri amatalika masentimita pafupifupi 75, kutalika koyenera kulemberapo ndi cholembera, pamene chigongono cha munthu wamfupi kapena wapakatikati atakhala pampando chimakhala m'munsi mwa pamenepo. Mabatani ayenera kukhala pamlingo wa chigongono kapena m'munsi pang'ono. Njira imeneyi imathetsa kupindikira m'mwamba, koma sikhudza kupindika kwa m'mbali ngakhale kufulatira kwa chikhatho.

Njira yachiwiri ndi kiyibodi yaifupi, yopanda gawo la manambala la kumanja, ndipo ndikufuna kukhalitsapo chifukwa anthu saiona ngati chipangizo choteteza thupi, pamene phindu lake limaposa la zipangizo zina zodula. Kiyibodi yathunthu imatambalala masentimita pafupifupi 44, koma munthu wotayipa mawu sakhala pakati pake. Amakhala moyang'anizana ndi mabatani a G ndi H, amene ali masentimita pafupifupi 14 kuchokera kumapeto a kumanzere. Zotsatira zake n'zakuti kumanja kwake kumatsala masentimita 30 a kiyibodi, ndipo mausi imakhala kuseri kwa pamenepo, mwina masentimita 38 kapena 40 kuchokera pakati pa thupi, pamene phewa lili pamasentimita osapitirira 20. Mkono wamanja umakhala chotambasukira kunja tsiku lonse, ndipo kuwawa kumamveka paphewa, m'khosi ndi pamfundo ya dzanja. Kiyibodi yopanda gawo la manambala imafupika ndi masentimita pafupifupi 8, ndipo ina yothithikana kwambiri, yofanana ndi ya pa laputopu, imafupika ndi 12 kapena kuposerapo, moti mausi imabwera pafupi ndi kutsogolo kwa phewa. Amene ntchito yawo ndi kulowetsa manambala sangathe kukhala opanda gawolo, koma angagule kagawo ka manambala kapadera kolumikiza pa USB n'kukaika kumanzere, kapena kukasendeza pafupi pokhapokha akamakagwiritsa ntchito.

Njira yachitatu ndi kiyibodi yogawika pakati koma yokhala chinthu chimodzi. Mabatani ake anagawidwa m'magulu awiri otembenukira kunja, ndipo pakati pake panatukuka ngati mzere wa m'munda. Kampani ya Microsoft inatchukitsa mtundu umenewu ndi Natural Keyboard ya mu 1994, kenako panabwera Natural Ergonomic Keyboard 4000 mu 2005 ndi Sculpt Ergonomic mu 2013, ndipo Logitech inatulutsa Ergo K860 mu 2020. Kutembenuka kwa magulu awiriwo kumawongola kupindika kwa m'mbali, ndipo kutukuka kwa pakati kumachepetsa pang'ono kufulatira kwa chikhatho. Ergo K860 ili ndi timiyendo kutsogolo m'malo mwa kumbuyo, timene timapendeketsa kiyibodi motsetserekera kutali ndi wotayipa ndi madigiri 4 kapena 7, zimene zimathandizanso pa kupindikira m'mwamba. Koma mtundu umenewu uli ndi zovuta ziwiri. Ngodya yake inakhazikitsidwa kufakitale, ndipo siyisintha kaya mapewa anu ndi otambalala kapena opapatiza. Chachiwiri, K860 ili ndi gawo la manambala ndipo imatambalala kupitirira masentimita 45, kotero imawongola manja potayipa koma n'kukankhira mausi kutali kuposa kale. Sculpt inapewa vuto limeneli popatula gawo la manambala, koma amene akuigula yogwiritsidwapo kale ntchito asamale, chifukwa imagwira ntchito ndi kachipangizo kake kokha kolowetsa pa USB, ndipo kakatayika simungaikepo kena.

Njira yachinayi ndi kiyibodi yogawika kotheratu, zidutswa ziwiri zolumikizidwa ndi waya, monga Kinesis Freestyle2. Waya wake wamba ndi wa masentimita pafupifupi 23, ndipo palinso wautali wa masentimita pafupifupi 50. Mumaika chidutswa chilichonse kutsogolo kwa phewa lake, n'kuchitembenuza mpaka dzanja litawongoka, ndipo mukagula zotsamiritsa zake mungakweze m'mbali zam'kati ndi madigiri 5, 10 kapena 15. Pa mitundu yonse, uwu ndi umene umathana bwino ndi kupindika konse kutatu, chifukwa mumausintha malinga ndi thupi lanu, ndipo mausi kapena kagawo ka manambala kangathe kukhala pakati pa zidutswa ziwirizo. Palinso makiyibodi okumbika ngati timbale tiwiri, monga Kinesis Advantage, amene amaika mabatani ofunika monga Enter ndi Backspace pansi pa zala zazikulu. Amenewa ndi odula kwambiri ndipo amafuna milungu ingapo kuti munthu awazolowere, moti sindingawalimbikitse kwa amene amalipidwa potengera masamba amene watayipa patsiku.

Pali mfundo imodzi imene ogulitsa sanena, ndipo ndiyo imasankha pakati pa makiyibodi owongoka ndi ogawika. Kiyibodi yogawika imapindulira munthu amene amatayipa ndi zala zonse osayang'ana mabatani, dzanja lililonse likugwira mbali yake. Amene amatayipa ndi zala ziwiri kapena zinayi, maso ali pa mabatani, nthawi zambiri manja ake amayandama ndi kuwoloka mbali ina, ndipo kupindika kwa m'mbali kumakhala kochepa. Akagula yogawika amangochedwa pantchito osapindula kanthu. Ngakhale odziwa kutayipa bwino amadabwa masiku oyamba, chifukwa batani la B limakhala kumanzere ndipo la Y kumanja, ndiye amene anazolowera kuwagunda ndi dzanja linalo amapeza chala chikugwera pampata. Zimenezi zimatha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo n'chanzeru kusayamba kiyibodi yotere nthawi imene ntchito yachuluka.

Tikafika pa mausi, kupindika kwakukulu ndi kuja kwachitatu. Mausi wamba imafuna chikhatho chofulatira pansi, ndipo anthu ambiri amatsamiritsa mfundo ya dzanja patebulo n'kumayendetsa mausi pogwedeza dzanja lokha uku ndi uku, kumene kulinso kupindika kwa m'mbali kobwerezabwereza. Mausi yoimirira imagwiridwa ngati mukupereka moni. Logitech MX Vertical ya mu 2018 ndi Logitech Lift ya mu 2022 zimapendekeka ndi madigiri 57, pamene Evoluent VerticalMouse imaimirira pafupifupi chilili, ndipo palinso zina zotsika mtengo za makampani ena zimene zinatengera mapangidwe omwewa. Ubwino wake umamveka msanga kwa amene amawawidwa pamwamba pa mkono kufupi ndi chigongono. Zovuta zake zimadziwika pakapita masiku. Podina batani mumakankhira cham'mbali osati pansi, choncho mausi imafuna kusuntha ndipo chala chachikulu chimayenera kuigwira mwamphamvu. Ikakhala yaikulu kuposa dzanja lanu, kugwira kumeneku kumabweretsa ululu watsopano patsinde la chala chachikulu. N'chifukwa chake kukula kwake n'kofunika kuposa dzina la kampani. Lift inapangidwira manja aang'ono ndi apakatikati, ndipo ilinso ndi ya dzanja lamanzere, pamene MX Vertical ndi ya manja aakulu. Vuto lina n'lakuti m'mphepete mwa dzanja, kumbali ya chala chaching'ono, mumagona patebulo, ndipo pali kafupa kakang'ono pamenepo kamene kamapweteka kakatsamira pathabwa louma. Komanso mausi yotere ndi yaitali, ndipo masiku oyamba mudzaigunda pochotsa dzanja pa kiyibodi.

Mtundu wina ndi mausi ya mpira, imene imakhala malo amodzi ndipo inu mumangozunguza kampira kali pamwamba pake. Ilipo yozunguza ndi chala chachikulu, monga Logitech M575 ndi MX Ergo, imene ingapendekeke ndi madigiri 20, ndipo ilipo yozunguza ndi zala zapakati, monga Kensington Expert Mouse, imene ili ndi mpira waukulu ndipo imagwira ntchito ndi dzanja lililonse. Popeza mkono suyenda, mtundu umenewu umathandiza amene amawawidwa paphewa kapena amene tebulo lawo ndi laling'ono. Koma ya chala chachikulu imaunjikira ntchito yonse pachala chimodzi chimene chatopa kale ndi foni, ndipo amene akumva kale kuwawa patsinde la chalacho aipewe. Ya zala zapakati ndi yaitali kutsogolo, kotero imapindira dzanja m'mwamba pokhapokha pakhale chotsamiritsa. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limalowa pansi pa mpira n'kuuchititsa kulimba. Muyenera kuutulutsa sabata iliyonse n'kupukuta timfundo titatu timene umagonapo, apo ayi mudzayamba kuukankha ndi mphamvu osazindikira.

Mausi ya mtundu uliwonse imavuta ngati kamuvi ka pa sikirini kakuyenda pang'onopang'ono, chifukwa dzanja limayenda mtunda wautali. Pa Windows 11 mungasinthe liwiro lake apa:

```
Settings > Bluetooth & devices > Mouse > Mouse pointer speed
```

Kuti zonsezi zimveke bwino, ndifotokoze za mayi wina amene amatayipa kafukufuku wa ophunzira m'kashopu kena ku Chinamwali. Anandiuza kuti dzanja lamanja linkawawa kumbali ya chala chaching'ono, phewa linkalemera pofika madzulo, ndipo anali atasunga ndalama zoti aitanitse kiyibodi yogawika kuchokera ku South Africa. Ndinawapempha kuti tiyeze kaye ndi tepi ya telala. Tebulo lawo linali lalitali masentimita 76, chigongono chawo atakhala pampando chinali pa 66, timiyendo ta kiyibodi tinali totambasulidwa, ndipo pakati pa mausi panali masentimita 41 kuchokera pakati pa thupi. Chithunzi cha m'mbali chinaonetsa manja onse opindikira m'mwamba, mfundo zitatsamira m'mphepete mwa tebulo. Chithunzi cha pamwamba chinaonetsa kuti dzanja lamanzere linali lowongoka ndithu, pamene lamanja linkakhota kwambiri pofikira batani la Backspace ndiponso pogwira mausi. Dzanja lamanzere silinkawawa konse, ndipo zimenezi zinandiuza kuti gwero la vuto silinali kupapatiza kwa kiyibodi, chifukwa kukanakhala kumeneko manja onse akanadandaula.

Tinayamba ndi zosafuna ndalama zambiri. Tinapinda timiyendo tija, tinaika khushoni yolimba pampando kuti chigongono chikwere kufika pa 74, ndipo popeza mapazi anayamba kulendewera, kalipentala wa pafupi anawadulira thabwa lopondapo. Tinasendeza kiyibodi masentimita 10 kuchokera m'mphepete mwa tebulo kuti mikono igone pamnofu wake m'malo motsamira pamfundo. Ndalama zimene anasunga zija anagulira kiyibodi yaifupi ya waya ndi mausi yoimirira yaing'ono, ndipo mausi inafika pamasentimita 27 kuchokera pakati pa thupi. Ndinawalangizanso kuti akafuna Backspace azisuntha dzanja lonse m'malo motambasula chala chaching'ono. Sabata yoyamba anandiuza kuti chala chachikulu chikutopa, ndipo titayang'anitsitsa tinapeza kuti ankafinya mausi podina. Atakweza liwiro la kamuvi ndi kuphunzira kuigwira momasuka, kutopako kunatha. Patapita pafupifupi mwezi anati phewa lapepuka ndipo dzanja likuwawa pokhapokha atatayipa kwa nthawi yaitali osapuma. Akanagula kiyibodi yogawika yokhala ndi gawo la manambala, mausi ikanapita kutali kwambiri ndipo phewa likanapitiriza kuvuta.

Kwa ophunzira a ku Chikanda ndi ena amene amatayipa pa laputopu, vuto limakhala lina: sikirini ndi kiyibodi zinalumikizana, ndiye chimodzi chikakhala pamalo abwino china chimakhala polakwika. Kwezani laputopu pa mabuku kapena pa mapaketi awiri kapena atatu a mapepala a A4, poti paketi imodzi ya mapepala 500 imakhuthala pafupifupi masentimita 5, kenako lumikizani kiyibodi ndi mausi zapadera. Pa nkhani ya waya, ine ndimakonda zipangizo za waya m'maofesi mmene anthu amabwerekana zinthu, chifukwa sizifuna mabatire ndipo zilibe kachipangizo kotayika. Makiyibodi ogawika sapezeka kawirikawiri m'masitolo a ku Zomba, moti ambiri amafunsa ku Blantyre kapena kuitanitsa kunja, ndipo chinthu choitanitsa kunja n'chovuta kubweza chikapanda kukuyenerani. Ngati mnzanu ali nacho, mupempheni kuti muchiyese kwa masiku awiri kapena atatu musanagule chanu.

Za zotsamiritsa manja zofewa zimene zimaikidwa kutsogolo kwa kiyibodi, ndinganene kuti n'zopumirapo tsinde la chikhatho pamene mwaima kutayipa. Mukatsamiritsapo mfundo yeniyeni ya dzanja uku mukutayipa, mumapanikiza kampata kaja kuchokera kunja, ndipo zala zimayamba kutambasukira mabatani akutali pamene dzanja lakhazikika malo amodzi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene kuzizira kwa m'phiri kumatsikira m'tauni, manja amauma m'mawa, ndipo kuwatenthetsa kaye musanayambe ntchito kumathandiza kuposa chotsamiritsa chilichonse.

Zipangizo zonsezi zimawongola dzanja, koma sizichiritsa mtsempha umene wapanikizika kale, ndipo sizichotsa kufunika kopumitsa manja kwa mphindi zochepa pa theka lililonse la ola. Ngati mukudzuka usiku ndi dzanzi pachala chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati, mpaka kumagwedeza dzanja kuti limve bwino, kapena ngati zinthu zayamba kukupulumukani m'manja, chimenecho ndi chizindikiro cha mtsempha wa m'kampata kaja. Dzanzi la pachala chaching'ono limachokera ku mtsempha wina, umene kawirikawiri umapanikizika pachigongono, ndipo kiyibodi yatsopano siingalithetse ngati mukupitiriza kutsamira chigongono patebulo. Matenda a shuga, vuto la chithokomiro ndi kukhala woyembekezera zimabweretsanso dzanzi lotere ngakhale kwa munthu amene satayipa. Zizindikirozi zikapitirira milungu iwiri kapena itatu mutakonza kale tebulo ndi mpando, pitani ku chipatala chachikulu cha Zomba kapena kwa dokotala wina kuti akuyezeni, ndipo mutenge zithunzi ziwiri zija pafoni kuti a mafizo aone mmene mumakhalira pantchito.